Mulu wa masiku odikira: njira yachangu yopezera nambala yaikulu yotsatira

Tiyerekeze kuti muli ndi kope lomwe mwalembamo kutentha kwa tsiku lililonse kwa zaka zambiri. Wina akukufunsani kuti, pa tsiku lililonse lomwe lili m'kopemo, mumuuze tsiku loyamba kutsogolo kwake lomwe kunatentha kuposa pamenepo. Sakufuna tsiku lomwe kunatentha kuposa masiku onse ayi. Akufuna loyambirira kuposa, ngakhale litaposa ndi digiri imodzi yokha.

Funso limeneli anthu olemba mapulogalamu a kompyuta amakumana nalo kawirikawiri, kungoti limabwera m'maonekedwe osiyanasiyana. Pena manambalawo amakhala mitengo ya katundu, pena kutalika kwa nyumba zoyandikana mumsewu, koma phata lake ndi limodzi: pali mndandanda wa manambala, ndipo pa nambala iliyonse tikufuna nambala yoyamba kudzanja lamanja kwake yomwe ndi yaikulu kuiposa. Pa LeetCode, pomwe ambiri amayeserapo luso lolemba mapulogalamu, funso la kutenthali lili pa nambala 739 ndipo mutu wake ndi Daily Temperatures. Njira yomwe akatswiri amayankhira imatchedwa staki ya monotoniki, ndipo wofuna kuifufuza pa kompyuta amalemba `monotonic stack`. Dzinalo lisakuopseni. Njirayi munthu akhoza kuitsatira bwinobwino ali ndi pensulo ndi pepala basi.

Njira yomwe imayamba kubwera m'mutu

Titenge masiku asanu ndi atatu oyambirira a mwezi, kuyambira pa 1 mpaka pa 8. Manambalawa ndi ongoyerekezera, ndipo akuimira madigiri a kutentha:

```
tsiku:     1   2   3   4   5   6   7   8
kutentha:  30  28  25  27  27  31  26  29
```

Aliyense amayamba chonchi: kuika chala pa tsiku la pa 1, pomwe panali 30, n'kumayenda kumanja. 28 sakuposa, 25 sakuposa, 27 awiri aja sakuposa, kenako 31 waposa. Yankho lapezeka titayerekeza manambala kasanu. Tikatero timabweza chala pa tsiku la pa 2 n'kuyambiranso ulendo womwewo, kudutsanso 25 ndi 27 awiri aja mpaka kufika pa 31 yemweyo. Tikamaliza masiku onse timakhala titayerekeza ka 16.

Njirayi ndi yolondola, ndipo pa masiku ochepa palibe chodandaulitsa. Vuto limaonekera mndandanda ukatalika, makamaka ngati manambala akungotsikiratsikira. Zikatero palibe nambala yomwe imapeza yoiposa, choncho iliyonse imayenda mpaka kumapeto kwenikweni n'kubwerako chimanjamanja. Yoyamba imayang'ana anzake onse, yachiwiri onse kupatula mmodzi, n'kumapita choncho. Tikaphatikiza maulendo onsewo pa mndandanda wa manambala n, chiwerengero chake chimakhala `n(n-1)/2`. Pa manambala 1,000 ndiye kuti tayerekeza ka 499,500. Pa manambala 1,000,000 tayerekeza ka 499,999,500,000, pafupifupi mabiliyoni 500. Kompyuta yoyerekeza ka 100 miliyoni pa sekondi ingathe mphindi zoposa 80 pa ntchito imeneyi.

Chikuwononga nthawi n'choonekeratu. Chala chikudutsa mobwerezabwereza pa manambala omwe chinawaona kale, ngati kuti sichinaphunzirepo kanthu pa ulendo woyamba.

Kutembenuza funso

Nzeru ya njira yachangu yagona pa kutembenuza funso. M'malo moti tsiku lililonse lizipita kutsogolo kukasaka yankho lake, timaliuza kuti lidikire. Ife timayenda kamodzi kokha kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo tsiku latsopano likafika timalifunsa kuti: mwa masiku omwe akudikira, ndi ati omwe iwe ukuwaposa? Amenewo apeza yankho, ndipo amachoka. Kenako tsiku latsopanolo nalonso limayamba kudikira.

Masiku odikirawo timawasunga mu staki. Staki ili ngati mulu wa mbale zosanjikizana: mbale yatsopano imaikidwa pamwamba, ndipo pochotsa timayambiranso pamwamba pomwepo, moti yomwe yabwera pomaliza ndiyo imayamba kuchoka. Palibe kusolola ya pakati. Kasungidwe kameneka ndi kakale m'mbiri ya makompyuta. Klaus Samelson ndi Friedrich Bauer, akatswiri a ku Munich m'dziko la Germany, anakalongosola m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 1957 anakalembetsa ngati luso lawo.

Wina angafunse kuti, ngati tikuloledwa kuona pamwamba pokha, tidziwa bwanji za masiku omwe ali pansi? Yankho lake lioneka tikauyendetsa mulu pa masiku athu aja.

Kuyenda tsiku ndi tsiku

Pa 1 kutentha ndi 30. Mulu ulibe kanthu, choncho palibe woti ayankhidwe. Timaika tsikuli pamulu.

Pa 2 kwabwera 28. Pamwamba pali 30, ndipo 28 sakumuposa. Timasanjika 28 pamwamba pa 30. Pa 3 kwabwera 25, yemwe sakuposa 28, nayenso amasanjikidwa. Mulu tsopano, kuchokera pansi kupita pamwamba, uli 30, 28, 25.

Pa 4 kwabwera 27. Pamwamba pali 25, ndipo 27 akumuposa. Tsiku la pa 3 lapeza yankho lake, lomwe ndi tsiku la pa 4, ndiye timalemba zimenezo n'kulichotsa pamulu. Sitiimira pomwepo. Timayang'ananso yemwe waonekera pamwamba, yemwe ndi 28. Uyu 27 sakumuposa, choncho timasiya kuchotsa n'kusanjika 27. Mulu uli 30, 28, 27.

Pa 5 kwabweranso 27. Kufanana si kuposa, ndiye palibe wochoka. Mulu uli 30, 28, 27, 27.

Pa 6 kwabwera 31, ndipo apa mpomwe mulu umagumuka. Iye akuposa 27 wa pa 5, akuposa 27 wa pa 4, akuposa 28 wa pa 2, akuposanso 30 wa pa 1. Masiku anayi onsewo amachoka motsatizana, ndipo yankho lawo ndi limodzi: tsiku la pa 6. Mulu watsala wopanda kanthu, ndipo 31 amakhala yekha pansi.

Pa 7 kwabwera 26, amasanjikidwa pamwamba pa 31. Pa 8 kwabwera 29, amachotsa 26, koma 31 amamukanika. Mndandanda watha mulu uli 31, 29. Masiku awiri otsalawa, la pa 6 ndi la pa 8, palibe lomwe linawaposa m'kope lathu, choncho alibe yankho.

Zotsatira zonse zili motere, ndipo kamzere kakuimira tsiku lopanda yankho:

```
tsiku:          1   2   3   4   5   6   7   8
kutentha:       30  28  25  27  27  31  26  29
tsiku loposa:   6   6   4   6   6   -   8   -
masiku odikira: 5   4   1   2   1   -   1   -
```

Chifukwa chake kuona pamwamba pokha kumakwanira

Bwererani muone mulu uja nthawi iliyonse yomwe tinaulemba: 30, 28, 25, kenako 30, 28, 27, 27, kenako 31, 29. Kuchokera pansi kupita pamwamba manambala sakukwera ngakhale kamodzi. Amatsika kapena kufanana basi. Mulu wosunga dongosolo lolowera mbali imodzi chonchi ndiwo umatchedwa wa monotoniki.

Palibe amene anakhala pansi n'kuwasanja manambalawa. Dongosololi limabwera lokha, chifukwa nambala imaikidwa pamulu pokhapokha itachotsa onse apamwamba omwe ikuwaposa. Yomwe yaikhalira pansi pake ndiye kuti ndi yaikulu kuiposa kapena yofanana nayo. Tingazionenso mwa njira ina. Ngati masiku awiri onse akudikirabe, lakumbuyo silingakhale lozizira kuposa lakutsogolo, chifukwa zikanakhala choncho lakutsogololo likanakhala yankho lake, ndipo likanachoka kale.

Dongosolo limeneli ndilo limatipatsa ufulu woima msanga. Pa 4, 27 atalephera kuposa 28, sitinavutike kuyang'ana 30 yemwe anali pansi. Wolephera kuposa wapamwamba sangapose wapansi, popeza wapansiyo sachepa poyerekeza ndi wapamwamba. Kuyang'ana kumodzi kwatiuza za mulu wonse.

Palinso funso lina lofunika: tikutsimikiza bwanji kuti tsiku lomwe lachotsa linzake ndilo loyambadi kuliposa? Tengani 28 wa pa 2, yemwe anachotsedwa pa 6. Pakanakhala tsiku pakati pa masiku awiriwa loposa 28, likanaposanso onse omwe anali pamwamba pake, popeza onsewo saposa 28. Likanawachotsa onse, n'kumufikira 28, n'kumuchotsa. Kupezeka kwake pamulu mpaka pa 6 ndi umboni wakuti tsiku lotere kunalibe.

Kuwerengera ntchito

Poona zomwe zinachitika pa 6, munthu angakayikire za liwiro la njirayi. Tsiku limodzi linachotsa masiku anayi. Pa mndandanda wautali, tsiku limodzi likhoza kuchotsa masiku 100,000. Nanga kusiyana kwake ndi njira yoyamba ija kuli pati?

Kusiyana kumaoneka tikasiya kuwerengera ntchito ya tsiku limodzilimodzi n'kuwerengera ya ulendo wonse. Tsiku lililonse limalowa pamulu kamodzi, ndipo likachoka silibwereranso. Tsiku lochotsa anzake 100,000 langomaliza ntchito ya masiku 100,000 omwe analowa mwakachetechete osachotsa aliyense. Kuyerekeza kulikonse kumathera pa chimodzi mwa ziwiri: kapena wina wachoka pamulu, zomwe sizingachitike koposa ka n pa ulendo wonse, kapena tsiku latsopano laima, zomwe zimachitika kosaposa kamodzi pa tsiku. Tikaphatikiza, kuyerekeza konse sikupitirira `2n`. Olemba mapulogalamu amalemba zimenezi mwachidule kuti `O(n)`, kutanthauza kuti mndandanda ukatalika kawiri, ntchito nayo imakula kawiri kokha. Njira yoyamba ija ndi `O(n^2)`: mndandanda ukatalika kawiri, ntchito ikhoza kukula kanayi.

Pa masiku athu asanu ndi atatu mulu unayerekeza ka 12, pomwe chala chinayerekeza ka 16. Phindu lake n'lochepa. Koma pa manambala 1,000,000 aja mulu sudutsa 2,000,000, ndipo kompyuta yomwe ija, yoyerekeza ka 100 miliyoni pa sekondi, ingamalize sekondi imodzi isanathe n'komwe.

Mmene zimalembedwera

M'chilankhulo cha Python njira yonseyi imakwana m'mizere isanu ndi itatu:

```python
def chachikulu_chotsatira(a):
    yankho = [-1] * len(a)
    mulu = []
    for i in range(len(a)):
        while mulu and a[mulu[-1]] < a[i]:
            yankho[mulu.pop()] = i
        mulu.append(i)
    return yankho
```

Apa `a` ndi mndandanda wa kutentha, `mulu[-1]` ndi yemwe ali pamwamba, `pop()` amamuchotsa, ndipo `append(i)` amasanjika watsopano. Python imayamba kuwerenga malo pa 0, osati pa 1, choncho tsiku la pa 6 lili pa malo 5. Mukaipatsa manambala athu imabweza `[5, 5, 3, 5, 5, -1, 7, -1]`, zomwe zikugwirizana ndi zija tinapeza pamanja. Mayankho onse amayamba ali `-1`, ndipo otsala pamulu amangokhalabe choncho.

Onani kuti pamulu sitikusunga kutentha, tikusunga malo a tsiku. Pofotokoza paja tinkatchula 30, 28, 27 kuti nkhani imveke, koma pulogalamu ikasunga manambala okhawo imasokonezeka ikafika pa 27 awiri aja, chifukwa singadziwe kuti wachokayo ndi wa pa 4 kapena wa pa 5. Malo ali ndi ubwino winanso. Ukadziwa malo, kutentha umakupeza mosavuta, ndipo masiku odikira umawapeza pochotsera malo a tsikulo pa malo a yankho. Komanso `-1` sangakhale malo enieni a yankho, pomwe m'mayiko ozizira kutentha kwa madigiri -1 kumachitika. Pulogalamu yobweza kutentha m'malo mwa malo ingasiye wowerenga osadziwa ngati `-1` akutanthauza chisanu kapena kusowa kwa yankho.

Pomwe anthu amapunthwa

Cholakwika chofala kwambiri ndi kulemba `if` pomwe payenera `while`. Zikatero tsiku latsopano limachotsa mnzake mmodzi yekha n'kukhala pansi. Choopsa chake n'chakuti pulogalamu siidandaula, ndipo pa mindandanda ina imapereka yankho lolondola. Pa manambala athu zonse zimayenda bwino mpaka pa 5. Pa 6, 31 amangochotsa 27 mmodzi n'kukhalira anzake atatu omwe amayenera kuchoka, ndipo mulu umakhala 30, 28, 27, 31. Zotsatira zimatuluka `[-1, -1, 3, -1, 5, -1, 7, -1]`, ngati kuti 30 sanaposedwepo pomwe 31 ali pomwepo. Zizindikiro zake ndi ziwiri: `-1` amachuluka modabwitsa, ndipo mukasindikiza mulu pa sitepe iliyonse mupeza nambala yaikulu itakhala pamwamba pa yaing'ono, chinthu chomwe sichiyenera kuchitika ngakhale kamodzi.

Chachiwiri chimakhudza manambala ofanana. Mukalemba `<=` m'malo mwa `<`, 27 wa pa 5 amachotsa 27 wa pa 4, ndipo yankho la tsiku la pa 4 limasintha kukhala tsiku la pa 5. Pulogalamu yotere ikuyankha funso lina: tsiku loyamba lomwe kutentha kunafanana kapena kuposa. Funso limenelo nalo lili ndi ntchito yake, koma liyenera kusankhidwa mwadala. Mndandanda woyesera ukakhala wopanda manambala obwereza, cholakwikachi sichioneka n'komwe. N'chifukwa chake m'chitsanzo chathu muli 27 awiri.

Chachitatu ndi kuiwala kufunsa ngati mulu uli ndi kanthu musanayang'ane pamwamba pake. Ichi sichibisala. Python imaima pa tsiku loyamba lomwe n'kulemba `IndexError: list index out of range`. Mawu akuti `mulu and` kumayambiriro kwa mzere wa `while` ndiwo amateteza zimenezi, ndipo ayenera kukhala koyambirira, kuyerekeza kusanachitike.

Njira yodalirika yoyesera pulogalamuyi ndi kulembanso njira yapang'onopang'ono ija, yomwe ndi yovuta kuilakwitsa, n'kuzipatsa zonse ziwiri mindandanda ifupiifupi yambirimbiri ya manambala osankhidwa mwachisawawa, mwachitsanzo kuyambira 1 mpaka 5 kuti obwereza achuluke. Pomwe mayankho asiyana mpomwe pali vuto. Ndi bwinonso kuyesa mindandanda inayi yapadera. Wokwera wokhawokha, nambala iliyonse iyankhidwe ndi yotsatira yake kupatula yomaliza. Wotsika wokhawokha, onse atuluke `-1`. Wa manambala ofanana onse, onsenso atuluke `-1`. Wopanda kanthu, pulogalamu ibweze mndandanda wopanda kanthu popanda kuima.

Zomwe njirayi imatha ndi zomwe siitha

Kusintha pang'ono kumayankha mafunso ena a mtundu womwewu. Mukatembenuza chizindikiro kukhala `>`, mumapeza nambala yaing'ono yoyamba kumanja. Yaikulu kapena yofanana yoyandikira kumanzere imapezeka popanda ntchito yowonjezera, chifukwa ndi yomwe ili pamwamba pa mulu nthawi yomwe tsiku latsopano likusanjikidwa. Ngati mndandanda ndi wozungulira, monga miyezi ya chaka pomwe Disembala amatsatidwa ndi Januwale, mumauyenda kawiri, ndipo pa ulendo wachiwiri mumangochotsa osasanjikanso. Funso lofanana nalo, lopeza nambala yaing'ono yoyandikira, analifufuza mozama Omer Berkman, Baruch Schieber ndi Uzi Vishkin, omwe mu 1993 anasonyeza mmene lingagawidwire kuti mapurosesa ambiri aligwire nthawi imodzi.

Malire ake nawo ndi omveka. Liwiro limalipiridwa ndi malo osungira: manambala akamangotsika palibe wochoka, ndipo mulu umatalika kufanana ndi mndandanda wonse. Njirayi imayendanso kutsogolo kokha. Manambala atsopano obwera kumapeto imawalandira bwino, moti ikhoza kugwira ntchito pa kutentha komwe kukulembedwa tsiku ndi tsiku, yankho lililonse n'kumatuluka tsiku loposa likangofika. Koma wina akakonza nambala ya pakati, mwachitsanzo atapeza kuti pa 3 kunali 29 osati 25, mayankho akale sakhalanso odalirika. Tsiku la pa 2 liyenera kuyankhidwa ndi la pa 3, ndipo la pa 3 liyenera kudikira mpaka pa 6. Mulu sukumbukira omwe unawachotsa, choncho ulendo uyenera kuyambiranso. Pomwe manambala apakati amasinthasintha kawirikawiri, olemba mapulogalamu amasiya mulu n'kusunga manambalawo mwa dongosolo la nthambi, lomwe limalola kukonza malo amodzi popanda kuwerenganso mndandanda wonse. Koma pomwe manambala alembedwa kale ndipo sasintha, kapena akungowonjezekera kumapeto, palibe njira yomwe ingapose mulu kwenikweni, chifukwa njira iliyonse iyenera kuwerenga nambala iliyonse kamodzi, ndipo mulu umangowonjezerapo kuisanjika ndi kuichotsa.